Mbale yomwe ndinabweza yopanda kanthu

Ndinakulira ku Lusaka, m'nyumba imene mwana ankaphunzitsidwa kunena zikomo monga mmene ankaphunzitsidwira kusamba m'manja asanadye. Amayi akandipatsa kanthu sankakasiya msanga, ankakagwirabe mpaka mawuwo atuluke pakamwa panga, ndipo kusukulu nakonso aphunzitsi ankachita chimodzimodzi pogawa mabuku. Choncho pamene ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ya kumudzi, chapatali pang'ono ndi msewu wochoka ku Chipata kupita ku Chadiza, sindinkakayika ngakhale pang'ono kuti kuthokoza ndimakudziwa. Chichewa ndinkalankhula, makolo anga onse ndi a kum'mawa konkuno, ndipo ndinkadziona ngati mwana amene wangobwerera kwawo. Koma m'chaka choyamba ndinakhumudwitsa mayi amene ankandifunira zabwino, kenaka ndinasungira chakukhosi banja limene linali kundithokoza m'njira yoposa imene ine ndinkaidziwa. Ndikulemba izi makamaka chifukwa cha anzanga okulira m'tauni amene amatumizidwa kumudzi pantchito kapena kukwatiwa kumeneko.

Ndinafika m'mwezi wa Meyi, anthu ali pakati pokolola. Tsiku lachitatu madzulo kunabwera kamtsikana kuchokera kunyumba yoyandikana ndi nyumba za aphunzitsi, katanyamula mbale yovindikira ndi inzake. Kanagwada pakhomo n'kunena kuti amayi ati mulaweko. M'mbalemo munali chiwawa chotendera ndi nshawa, chikali chotentha. Ndinalandira, ndinanena zikomo kwambiri kawiri kapena katatu, ndipo ndinakauza kuti kakanene kwa amayi kuti ndathokoza. Nditadya ndinatsuka mbale zonse ziwiri bwinobwino, ndinazipukuta, ndipo usiku womwewo ndinazitumiza ndi mwana wasukulu amene ankadutsa. Mumtima mwanga ndinali nditachita zonse zoyenera, chifukwa ndinanena mawu, ndinatsuka mbale, ndiponso sindinazichedwetse.

Patapita masiku angapo kunabweranso maungu ophika, kenaka nshawa zaziwisi m'kalichero, ndipo nthawi zonsezi ndinachita chimodzimodzi. Itapita mbale yachitatu, palibenso china chimene chinabwera. Mayiwo ankandipatsabe moni tikakumana pamjigo, koma unali moni waufupi, wopanda kuima ndi kufunsana za kunyumba. Ndinadziwa kuti china chake chalakwika, koma sindinathe kuchipeza, mpaka mphunzitsi wina wachikulire, mayi amene anakhala pasukulupo zaka zambiri, anandiitana kunyumba kwake tsiku lina titaweruka. Anandifunsa kuti, “Amadamu, mbale za aneba anu zija zinkabwerera ndi chiyani?” Nditayankha kuti zinkabwerera zoyera, anapukusa mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, “Mwana wanga, kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Inu mwakhala mukuwauza kuti simukufuna kuyenderana nawo.”

Zimene anandifotokozera madzulo amenewo ndizilemba monga mmene ndinaziona zikuchitika m'mudzimo zaka zonse zimene ndinakhalamo. Mbale yobwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu, koma chimene umaikamo sichiyenera kukhala chachikulu kapena chofanana mtengo ndi chimene unalandira. Tomato atatu, mchere wodzaza kakapu, shuga pang'ono, zitumbuwa ziwiri, kapena kachidutswa ka sopo zimakwanira. Chimene anthu amayang'ana n'chakuti unawaganizira pamene mbale yawo inali m'manja mwako. Nthawi nayonso ili ndi tanthauzo lake. Kubweza mbale usiku womwewo kumaoneka ngati munthu akufuna kuchotsa msanga chinthu cha eni ake m'nyumba mwake, ndipo ukaibweza nthawi yomweyo itadzaza ndi chinthu chodula, zimakhala ngati walipira chakudyacho monga pamsika, kuti pasakhale chotsalira pakati panu. Mbale imagona, n'kubwerera mawa lake kapena mkuja, ndipo ngati amene anakupatsa ndi wamkulu kwa iwe, n'kwabwino kuipereka wekha ulendo woyamba m'malo motuma mwana. Pamene lamuloli siligwira ntchito ndi pamatenda ndi pamaliro, chifukwa chakudya chopita kwa wodwala kapena kwa anamfedwa palibe amene amayembekezera kuti mbale yake ibwerere ndi kanthu.

Mawa lake ndinapita ndekha kwa mayi aja ndi mbale yanga, nditaikamo mpunga wophika ndi kapenta amene ndinabwera naye kuchokera m'tauni. Sindinapepese ndi mawu ambiri, chifukwa mphunzitsi uja anandichenjeza kuti kufotokoza kwambiri kukanawachititsa manyazi, ngati kuti iwo ndiwo ankawerengera zimene anandipatsa. Ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri, ndipo ndinangoti, “Amayi, mulaweko za kwathu.” Analandira, anawomba m'manja mofatsa, ndipo anandiyalira mphasa. Patapita masiku awiri mbale yanga inabwerera muli kandolo wowotcha.

Nkhani ya mbaleyi inali yaing'ono, ndipo inakonzeka msanga. Imene inandivuta kwambiri inachitika chakumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa. Usiku wina cha m'ma 11 koloko ndinamva odi wamphamvu pakhomo. Anali bambo wina wa m'mudzimo, amene mwana wake wamkulu anali m'kalasi langa, ndipo kumbuyo kwake kunali mkazi wake atabereka mwana wazaka zitatu amene thupi linali litatentha kwambiri ndipo anali atayamba kukomoka. Anabwera kwa ine chifukwa ankadziwa kuti ndili ndi nambala ya munthu wa galimoto amene ankatinyamula aphunzitsi pakutha kwa mwezi. Ndinamuimbira, anavomera kubwera pa K250, ndipo ndalamayo ndinalipira ine chifukwa banjalo linalibe kanthu m'manja nthawi imeneyo ya chaka. Ndinapita nawo mpaka kuchipatala chachikulu ku Chipata, ndinakhala pabenchi mpaka kunja kunacha, ndipo nditamva kuti ndi malungo ndiponso kuti mwana wayamba kulandira mankhwala, ndinabwerera kukaphunzitsa ndisanagone.

Usiku wonsewo bamboyo sananene zikomo ngakhale kamodzi. Pamene ndinkatsanzika anangoimirira, anavula chipewa, n'kunena kuti, “Muyende bwino, aphunzitsi.” Mwana atatuluka m'chipatala patapita masiku anayi, m'mawa mwake kunabwera agogo ake aakazi. Anakhala pansi pafupi ndi khonde, anakana mpando, anawomba m'manja nthawi yaitali ndithu, anandifunsa mmene ndagonera, kenaka anati, “Zija munachita taziona, mwanangu. Mwana wadya phala lero.” Atatero ananyamuka. Ine ndinkadikirabe mawu amodzi aja, ndipo popeza sanatuluke, ulendo wa agogowo sindinauwerengere n'komwe. Ndiyenera kunena zoona kuti zinandipweteka. Sindinkafuna kuti andibwezere ndalama, koma ndinkaona kuti munthu amene wataya tulo ndi ndalama chifukwa cha mwana wa eni ake ayenera kumva kuti zikomo. Kwa milungu ingapo ndinkawapatsa moni wozizira, womwe uja umene ine ndinalandirapo pamjigo.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinadzala chimanga pamunda wa lima imodzi umene anyakwawa anandibwereka kuseri kwa sukulu. Sukulu itangotsekedwa ndinalandira uthenga wakuti amayi anga adwala kwambiri ku Lusaka, ndipo ndinanyamuka mothamanga osauza aliyense za mundawo. Ndinakhala kumeneko mpaka sabata yachiwiri ya Januwale. Aliyense amene analimapo amadziwa zimene zimachitikira chimanga chosapaliridwa m'milungu yoyambirira chitamera, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku: udzu umachipitirira, chimasanduka chachikasu, ndipo ngakhale upalire pambuyo pake sichibwereranso mwakale. M'basi pobwerera ndinali nditautaya kale mundawo mumtima.

Nditafika sindinalowe n'komwe m'nyumba, ndinayamba ndazungulira kuseri kuti ndione kukula kwa tsokalo. Ndinapeza munda wonse uli wopaliridwa, mizere itakwezedwa bwino, udzu wozulidwa utaunjikidwa m'mphepete ndipo utauma kale, kusonyeza kuti ntchitoyo inachitika nthawi yake yeniyeni. Chimanga chinali chobiriwira, chofika m'mawondo ndi kupitirira. Mlonda wa pasukulu ndiye anandiuza kuti bambo uja, mkazi wake, mlamu wake ndi ana awiri anabwera m'mawa masiku awiri otsatizana Khirisimasi isanafike, ndipo anabweranso tsiku lina chaka chitangoyamba. Imeneyo ndi nthawi imene mlimi aliyense amakhala akulimbana ndi udzu m'munda mwake, ndiponso imene mabanja ambiri chakudya chimakhala chitachepa, moti ena amapita kukagwira ganyu kuti apeze ufa. Anthu amenewa anasiya munda wawo n'kubwera kwa ine, popanda kuwapempha ndiponso popanda kundiuza. Ndinaima pakati pa mizere ija ndipo misozi inatuluka, chifukwa ndinakumbukira moni wozizira umene ndinkawapatsa.

Pamenepa ndinatsala pang'ono kulakwitsa kachitatu. Ndinawerengera mtengo wa ganyu wopalira lima imodzi, ndinaika ndalama mu envelopu, ndipo ndinali panjira yopita kwawo pamene ndinakumana ndi mphunzitsi wachikulire uja. Atamva kumene ndikupita anandigwira dzanja n'kundibweza. Anati, “Mukawapatsa ndalamayo, mwawasandutsa aganyu, ndipo mwawauza kuti moyo wa mwana wawo mwaugulitsa ndipo nkhani yatha. Zikomo wapakamwa ndi wa mchere ndi machesi. Chinthu chachikulu chimalemera pakamwa, n'chifukwa chake anapita nacho kumunda.” Anandikumbutsanso za agogo aja, kuti munthu wamkulu kudzuka m'mawa, kubwera pakhomo pa mwana wamng'ono ngati ine, kukhala pansi ndi kuwomba m'manja, ndiko kuthokoza kwa banja lonse, ndipo mawu akuti taziona amatanthauza kuti nkhaniyo yasungidwa ndipo sidzaiwalika.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu ndi kuyang'anitsitsa, ndipo ndinazindikira kuti vuto silinali lakuti anthu a kumudzi sanena zikomo. Amanena kwambiri, mwina kuposa a m'tauni, koma mawuwa ali ndi ntchito zambiri. Munthu amati zikomo podutsa pakati pa anthu, poyankha akaitanidwa ndi wamkulu, pofuna kulankhula pabwalo, polandira mlendo, ngakhale pomaliza kupatsana moni. Mawu ogwira ntchito zonsezi tsiku lonse sangasenze okha katundu wolemera ngati wa usiku uja. N'chifukwa chake pa zinthu zapakatikati anthu amawonjezera kuti mwachita bwino, mwatithandiza, kapena tayamika, ndipo amabweranso m'mawa mwake kudzanena kuti zikomo za dzulo. Kuthokoza kwa mawa lake kumeneku ndi kumene ife okulira m'tauni timaiwala kawirikawiri, pamene kumudzi kumalemera kuposa kwa tsiku lomwelo, chifukwa kumasonyeza kuti munthu wagona nacho chinthucho ndipo wadzuka nacho.

Thupi nalonso limalankhula. Kulandira ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja lamanzere litagwira pamkono, kunyonyomala, kugwada, ndi kuwomba m'manja mofatsa manja atakhala ngati chikho, zonsezi ndi zikomo ngakhale pakamwa patakhala chete. Mwana amene walandira ndi dzanja limodzi ataimirira n'kunena zikomo momveka bwino amaonedwa kuti ndi wamwano kuposa amene wagwada n'kulandira mwakachetechete. Ndipo pofuna kulemekeza kwenikweni, munthu amamuthokoza ndi mfunda wake, kuti zikomo aPhiri, zikomo aBanda, zikomo Nangozo. Angoni amautcha kuti chiwongo, ndipo mawuwa ndi apachibale ndi mawu a Chizulu akuti kubonga, amene amatanthauza kuthokoza ndi kutamanda, monganso Atumbuka a ku Lundazi amanenera kuti tawonga. Choncho dzina la mtundu wa munthu ndilo dzina lomuthokozera, ndipo ukalitchula umakhala wathokoza iye pamodzi ndi makolo amene anamulera.

Pambuyo pake ndinadzaona kuti si ife tokha amene timatero. Nditasamutsidwira m'tauni ya Chipata ndinazolowerana ndi mayi wina wachimwenye amene ndinkagula nsalu m'sitolo ya banja lake. Tsiku lina ndinamufotokozera nkhani ya mbale ija, ndipo anaseka mokondwa n'kundiuza kuti kwawonso chotengera cha chakudya sichibwerera chopanda kanthu, ngakhale kutakhala kuikamo shuga pang'ono chabe. Anawonjezera kuti mawu othokozera alipo, monga shukuriya, ndipo amawanena kwa makasitomala ndi kwa alendo, koma atawanena kwa mayi ake omubereka chifukwa chomuphikira, mayiwo angadandaule kuti kodi wayamba liti kuwaona ngati mlendo. M'mabanja ambiri a ku India ndi ku Tchaina maganizo ndi omwewo, akuti pakati pa anthu apamtima mawu othokoza amaika mpata, chifukwa amachititsa chinthu chimene chinali udindo wa chibale kuoneka ngati chifundo cha munthu wapadera. Kummwera kwa Tchaina munthu akathiridwa tiyi amangogogoda patebulo ndi zala ziwiri, ndipo wothirayo amadziwa kuti wathokozedwa. Ndinawerengaponso za kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, pamene akatswiri anajambula anthu akucheza m'makomo mwawo m'zilankhulo 8 za m'makontinenti 5. Anapeza kuti munthu akapempha kanthu kwa wachibale kapena mnzake n'kupatsidwa, mawu othokoza ankamveka pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 20, ndipo ngakhale kwa olankhula Chingerezi, amene anali patsogolo pa onse, ankamveka pafupifupi kamodzi pa maulendo 7. Zinandithandiza kuona kuti chimene ndinakulira nacho chinali chizolowezi cha malo amodzi, osati muyeso woyezera mitima ya anthu onse.

Komabe sindikufuna kuti wina amve ngati kukhala chete kulikonse ndi kuthokoza, chifukwa anthu osayamika aliponso, kumudzi ndi m'tauni momwe. Kusiyana kwake kumaoneka pakapita nthawi, ndipo zizindikiro zake sizivuta. Munthu amene akuthokoza ndi zochita amayandikira: moni wake umatalika, amatuma mwana kudzakuona ukadwala, amakuuza nkhani za mwana amene unamuthandiza, ndipo pamaliro a kwanu umamupeza ali pamoto kapena kumanda. Wosayamika amatalikira, amasintha njira akakuona, ndipo amadzaonekeranso pokhapokha vuto lina likamugwera. Ndikanayang'ana zimenezi m'malo modikira mawu, ndikanaona msanga, chifukwa m'milungu yonse imene ine ndinkazizira, mwana wamkulu wa banja lija ankafika m'mawa kudzanditungira madzi popanda womutuma amene ine ndinamuona.

Palinso malire ena awiri amene ndinawaphunzira movutikira. Oyamba ndi a ngongole. Ngati ndalama ukuipereka kuti idzabwezedwe, uyenera kunena poyera nthawi yomweyo kuti iyi ndi ngongole ndipo idzabwere mwezi wakuti, pamaso pa munthu wina ngati n'kotheka. Ukapanda kutero, mnzakoyo angailandire ngati thandizo, n'kudzabwera ndi nkhuku kapena meda ya nshawa pokolola, iye n'kumaona kuti wathokoza mokwanira, iwe n'kumaona kuti wakubera, ndipo chibale chimathera pomwepo popanda amene anafuna zoipa. Malire achiwiri ndi a malo. Kuthokoza ndi zochita kumafuna anthu amene adzaonanenso mawa. Wa njinga amene wakunyamula kuchokera ku msika wa Kapata, namwino amene wakuthandiza usiku, kapena munthu amene wakulozera njira, mwina sudzakumana nayenso, choncho zikomo wake ayenera kumveka pomwepo ndi pakamwa. Ana anga a m'kalasi ndimawaphunzitsa zonse ziwiri, kuti muofesi ndi kwa mlendo anene mawu momveka, koma akapita kwa agogo asaganize kuti mawuwo alowa m'malo mwa maondo ndi manja.

Envelopu ija sindinapite nayo. Mmalo mwake m'mawa mwake ndinapita kwawo ndili chimanjamanja, monga anandilangizira mphunzitsi uja. Ndinapeza bamboyo akusula khasu pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinakhala pansi chapatali pang'ono, ndinawomba m'manja, ndinamutchula ndi mfunda wake, n'kunena kuti, “Za kumunda zija ndaziona.” Iye anaika khasu pansi, anawombanso m'manja, ndipo anayankha kuti, “N'zazing'ono, aphunzitsi. Amayi ali bwanji ku Lusaka?” Tinakamba za matenda a amayi, za mvula, ndi za feteleza amene anachedwa kufika chaka chimenecho, ndipo za usiku wa kuchipatala palibe amene anazitchula. Mwana uja anatuluka m'nyumba akuthamanga, ali ndi chisononkho m'manja, n'kudzakhala pamiyendo panga.

Chimanga chija ndinakolola mu Meyi, ndipo thumba loyamba nditagayitsa ndinapatula ufa wodzaza beseni n'kupita nawo kwa agogo aja kuti alaweko za m'munda mwawo. Beseni linagona kumeneko masiku atatu. Tsiku lachinayi linabwera ndi mwana wamkulu uja atalisenza pamutu, muli nshawa zosenda, ndipo m'khwapa mwake munali nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo ndi luzi.